Kuwerengera dothi la ngalande ndi dzenje: kiyubu ya pansi si kiyubu ya pamulu

Chaka chatha ndinkamanga kanyumba ka zipinda zitatu ku Hatcliffe mumzinda wa Harare, kwa bambo ena akwathu amene makolo awo anachokera ku Dedza. Anyamata atamaliza kukumba maziko, bambowo anafika madzulo, nayang'ana milu ya katondo imene inadzaza sitandi yonse, kenako anandiitanira pambali. "Achimwene, munandiuza kuti ndi makiyubu 20. Dothi lonseli lachokera kuti? Kodi anyamatawa sanapitirize muyeso?" Tinatenga tepi n'kuyeza ngalande zonse limodzi. Zinali ndendende monga pa pulani. Chimene chinawadabwitsa n'chakuti dothi likatuluka pansi limafufuma, ndipo makiyubu 20 a m'ngalande anali atasanduka makiyubu 26 pamulu.

Pa ntchito yokumba pali miyeso iwiri imene anthu amaitchula ndi dzina limodzi. Pali kiyubu ya pansi, imene ndi kukula kwa dzenje lenilenilo, ndiye pali kiyubu ya pamulu, imene ndi dothi lomwelo litakumbidwa n'kuunjikidwa. Wokumba amalipidwa ndi yoyambayo, mwini tipa amalipidwa ndi yachiwiriyo. Mukasokoneza ziwirizi, ndalama zimathera panjira. Tiyeni tiyende ndi kanyumba ka ku Hatcliffe kaja kuyambira pa tepi mpaka pa tipa yomaliza.

Choyamba: zonse zikhale m'mamita

Kiyubu imodzi, imene pa pepala imalembedwa m³, ndi bokosi la mita imodzi m'litali, mita imodzi m'lifupi ndi mita imodzi kuya. Muli malita 1000. Pulani zambiri kuno zimalembedwa m'mamilimita, choncho mukaona 700 dziwani kuti ndi 0.7 m, ndipo 230 ndi 0.23 m. Sinthani manambala onse musanayambe kuchulukitsa. Ndaonapo munthu akuchulukitsa mamita 29 ndi masentimita 70 ndi masentimita 80 n'kupeza nambala yoposa 160,000, kenako n'kumakanda mutu kuti aike pati kadontho.

Ngalande yowongoka yokhala ndi mbali zoimirira imawerengedwa motere:

kukula (m³) = utali × mulifupi × kuya

Masamu ake ndi omwewa basi. Vuto limakhala pa kupeza utali woona ndi kuya koona.

Chachiwiri: utali uyezedwe pakati pa ngalande

Kanyumba kathu kanali mamita 9 m'litali ndi mamita 6 m'lifupi, kuyeza kunja kwa makoma. Makoma akunja anali a njerwa ziwiri, 0.23 m. Ngalande zake zinali 0.7 m m'lifupi, kutsatira mwambo wa amisiri woti konkire ya maziko ikhale pafupifupi katatu kunenepa kwa khoma, ndipo kuya kwake kunali 0.8 m. Manambala anu atengeni pa pulani yanu yovomerezedwa, chifukwa kuya kumatsatira nthaka, ndipo woyendera ntchito wa khonsolo akhoza kukuuzani kuti mutsikebe mpaka mupeze polimba.

Mukangozungulira nyumba kunja n'kunena kuti 9 + 6 + 9 + 6 ndi mamita 30, ngodya iliyonse mwaiwonjezera pang'ono. Mukayeza m'kati, mwaichepetsa. Mzere woona ndi umene ukudutsa pakati penipeni pa khoma, ndipo ndi womwewo umene ukudutsa pakati pa ngalande, popeza khoma limakhala pakati pa konkire. Kuti muupeze, chotsani kunenepa kwa khoma kanayi pa muyeso wozungulira kunja:

30 − (4 × 0.23) = 29.08 m

Tsopano chulukitsani:

29.08 × 0.7 × 0.8 = 16.28 m³

M'kati munali makoma awiri ogawa zipinda, onse odutsa m'lifupi mwa nyumba. Apa ndi pamene ambiri amawerenga dothi limodzi kawiri. Ngalande ya m'kati siyambira pa khoma lakunja ayi, imayambira pamene ngalande yakunja yathera, chifukwa pamene zakumana panakumbidwa kale. Kuchokera pakati pa khoma lina kufika pakati pa linzake ndi 6 − 0.23, kutanthauza 5.77 m. Mbali iliyonse ngalande yakunja yadya kale theka la mulifupi wake, ndiye mbali ziwirizo pamodzi zadya 0.7 m. Zotsala ndi 5.07 m pa khoma limodzi, 10.14 m pa awiri. Ngalande zimenezi zinali zopapatiza, 0.45 m, koma kuya kofanana:

10.14 × 0.45 × 0.8 = 3.65 m³

Kuphatikiza zonse ndi 19.93 m³, tinene kuti makiyubu 20. Iyi ndiyo kiyubu ya pansi, ndipo ndi imene ndinagwirizana ndi anyamata okumba.

Chachitatu: kuya sikufanana ponseponse

Sitandi ya ku Hatcliffe ija inali yathyathyathya, ndiye tinali ndi mwayi. Malo ambiri ndi otsetsereka, pomwe pansi pa ngalande payenera kukhala levulo. Zikatero mbali yakumtunda imazama kuposa yakumunsi. Yezani kuya pa ngodya iliyonse ndi pakati pa khoma lililonse lalitali, phatikizani manambalawo, n'kugawa ndi kuchuluka kwa malo amene mwayeza. Ngati ngodya zinayi zapereka 0.8, 0.9, 1.1 ndi 1.0, pamodzi ndi 3.8, ndipo kugawa kanayi ndi 0.95 m. Pa ngalande yakunja yokha ija, kusiyana kwa masentimita 15 kumeneku kumawonjezera makiyubu atatu. Ngati kutsetsereka kuli kwakukulu moti maziko akukumbidwa mwa masitepe, werengani chigawo chilichonse pachokha.

Kumbukiraninso kufunsa kuti kuya kukuyambira pati. Ngati mwayamba mwapala dothi lapamwamba lokhala ndi udzu ndi mizu, monga mmene ziyenera kukhalira, kuya kwa ngalande kuyezedwe kuchokera pamene mwapalapo, ndipo dothi lopalidwalo liwerengedwe palokha. Silochepa. Kupala masentimita 15 pa malo a mamita 11 ndi 8 ndi makiyubu 13.2 a pansi. Limeneli ndimakonda kuliunjika padera kuseri, chifukwa ndi limene amayi adzalifune pa dimba la lepu ndi tomato nyumba ikatha.

Chachinayi: dothi lanu limafufuma bwanji?

Dothi la pansi lakhala likupanikizidwa ndi kulemera kwake komanso mvula kwa zaka zosawerengeka, ndiye timibulu take n'togwirana kwambiri. Piki ikalowa, limasweka m'zibuma ndi zigumu, ndipo pakati pa zibumazo pamalowa mpweya. Kulemera kwake sikusintha ngakhale pang'ono. Chimene chakula ndi malo amene likutenga. Aliyense amene anapalasapo mizere amadziwa kuti mzere watsopano umakhala wotukuka, koma mvula ikaugunda kawiri katatu umaphwa.

Kufufumaku kumasiyana ndi mtundu wa nthaka. Mchenga ndi miyala ing'onoing'ono zimawonjezera pang'ono, pafupifupi 10 mpaka 15 peresenti, chifukwa ndi zomwazika kale ndipo sizipanga zibuma. Dothi wamba losakanikira limawonjezera 20 mpaka 30 peresenti. Dothi lamakande, lonyata, limafika 30 mpaka 40 peresenti chifukwa limatuluka m'zigumu zikuluzikulu zimene sizikhalirana bwino. Thanthwe loswedwa limaposa zonsezi, limafika 50 peresenti kapena kupitirira.

Mu Harare mitundu yonseyi ilipo, nthawi zina m'dera limodzi. Kumpoto kwa mzinda kuli katondo wofiira wonyata. Chakummwera ndi kummawa, cha ku Epworth ndi ku Chitungwiza, nthaka yambiri ndi yamchenga wochokera ku matanthwe aja amene amaoneka atasanjikizana m'mbali mwa msewu, ndipo kumeneko mukhoza kukumba theka la mita bwinobwino kenako piki n'kulira pa mwala. M'madambo otsata mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba muli makande akuda amene amang'ambika m'chilimwe n'kusanduka phala m'dzinja.

Manambala a m'mabukuwa ndi poyambira chabe. Ine ndimakonda kuyesa dothi la pamalopo, ndipo zimatenga mphindi zosakwana makumi atatu. Pamene padzadutse ngalande, palani dothi lapamwamba, kenako kumbani kadzenje ka masentimita 50 m'litali, 50 m'lifupi ndi 40 kuya, mbali zake zowongoka bwino. Kadzenje kameneka ndi malita 100 ndendende. Tengani ndowa ya malita 20, muyambe mwaithira madzi oyezedwa n'kulemba mzere pamene malita 20 afika, chifukwa ndowa zambiri za penti zimalowa oposa pamenepo zikadzaza mpaka pakamwa. Thirani dothi lonse la m'kadzenjeko m'ndowa ndi fosholo, osalitsendera, osagwedeza ndowa, n'kumawerenga. Dothi likanakhala losafufuma mukanapeza ndowa 5. Ku Hatcliffe tinapeza ndowa 6 ndi theka, kutanthauza malita 130. Gawani 130 ndi 100, mupeza 1.3, ndipo imeneyi ndi nambala yochulukitsira ya dothi lanu.

Ngati nthaka ikusintha pamene mukutsika, mwachitsanzo mchenga pamwamba koma dothi lonyata pansi, yesaninso pansi pa ngalande. Ndipo yesani nyengo yomweyo imene mukukumba. Katondo wouma wa mu Seputembala amasweka mosiyana ndi wonyowa wa mu Januwale.

Chachisanu: kuchokera pansi kupita pamulu

dothi la pamulu = kukula kwa dzenje × nambala yofufumira

20 × 1.3 = 26 m³

Nambala imeneyi ikuyankha mafunso awiri, ndipo loyamba ndi la mawilibala. Wilibala ya amisiri imanyamula malita 65 ikadzaza mofanana ndi milomo yake, ndiye kiyubu imodzi ya pamulu ndi mawilibala 15 ndi kachidutswa. Malita 26,000 kugawa ndi 65 ndi maulendo 400. Munthu amene waiwala kufufuma amawerenga maulendo 308, ndipo maulendo 92 otsalawo ndi amene amabweretsa mkangano ndi aganyu tsiku lachitatu. Musadalire kuti wilibala idzadzaza mulu nthawi zonse. M'mawa imadzazadi, koma dzuwa likafika pamutu imayenda ndi theka.

Funso lachiwiri ndi la malo, ndipo pa masitandi ang'onoang'ono a m'makomboni ndi lalikulu kuposa la mawilibala. Dothi lothiridwa silimaima chilili, limatsetsereka mpaka mbali zake zitapendekeka pafupifupi madigiri 35. Makiyubu 26 mukawaunjika mulu umodzi wosongoka, udzatenga bwalo la mamita pafupifupi 6 ndi theka kudutsa pakati, n'kukwera mamita awiri ndi pang'ono. Ndi malo aakulu kuposa theka la nyumba yomwe mukumangayo. Sankhani pokaika musanayambe kukumba, poganizira kuti njerwa, mchenga ndi miyala zikubwera, ndiponso kuti tipa iyenera kufika pafupi ndi muluwo. Kunyamula dothi limodzi kawiri ndi ntchito imene palibe amakulipirani.

Chachisanu ndi chimodzi: lobwerera m'ngalande ndi lotsala

Apa ndiye pamene pamafunika kudekha, chifukwa ngakhale amisiri akale amaphonya. Si dothi lonse limene lichoke pamalopo. Konkire ikathiridwa ndipo khoma likakwera kufika pamwamba pa nthaka, mipata ya mbali ziwiri za khoma imakwiriridwa ndi dothi lomwelo. Choncho tiyenera kudziwa malo amene konkire ndi njerwa zalanda.

Konkire inali yonenepa 0.23 m, kudzaza mulifupi wonse wa ngalande:

29.08 × 0.7 × 0.23 = 4.68 m³
10.14 × 0.45 × 0.23 = 1.05 m³

Pamwamba pa konkire panatsala 0.8 − 0.23, kutanthauza 0.57 m, kuti tifike pa nthaka. Khoma lakunja ndi 0.23 m kunenepa. Makoma a m'kati anali a njerwa imodzi, 0.115 m, ndipo iwo amafika mpaka kukhudza khoma lakunja, ndiye lililonse ndi 6 − 0.46 = 5.54 m, awiri 11.08 m:

29.08 × 0.23 × 0.57 = 3.81 m³
11.08 × 0.115 × 0.57 = 0.73 m³

Konkire ndi njerwa pamodzi zatenga makiyubu 10.3. Mpata wotsala woti ukwiriridwe ndi makiyubu 9.7.

Tsopano taonani msampha wake. Munthu amaona kuti pamulu pali 26, m'ngalande mukulowa 9.7, ndiye akuti zotsala ndi 16.3. Walakwa, chifukwa wachotsa kiyubu ya pansi pa kiyubu ya pamulu. Dothi lobwerera m'ngalande limatsenderedwa, ndipo likatsenderedwa bwino limabwerera pafupi ndi mmene linalili poyamba. Kuti mudzaze mpata wa makiyubu 9.7 ndi dothi lotsendereka, mutapa pamulu makiyubu 9.7 × 1.3, amene ndi 12.6. Zotsala pamulu ndi 26 − 12.6 = 13.4 m³.

Wina amalakwira mbali inayo. Amati konkire ndi njerwa zalanda makiyubu 10.3, ndiye dothi lotsala ndi 10.3, tipa imodzi ya makiyubu 10 ikwana. Iyenso waiwala kuti dothi lotsalalo silikwera tipa lili lotsendereka. Njira yachidule yoona ndi iyi: tengani malo amene zomangazo zalanda, n'kuchulukitsa ndi nambala yofufumira. 10.3 × 1.3 ndi 13.4 yemweyo. Ngati njira ziwirizi zakupatsani yankho limodzi, masamu anu ali bwino.

Kunena zoona, kutsendera ndi manja sikubwezera dothi mwakale kwenikweni. Ngakhale mutathira masentimita 15 okha nthawi imodzi, kuwaza timadzi, n'kusinja ndi chitsulo chotsendera kapena chipika, katondo amatsalabe wofufuma pang'ono, ndiye pamulu pamatsala loposerapo pang'ono pa masamu. Lotsalalo musalitaye lonse. Mvula yoyamba ya mu Novembala ikagwa, dothi la m'mbali mwa khoma limatitimira, ndipo mudzafuna lowonjezera. Chizindikiro chakuti okwirira anangokankhira dothi m'ngalande osasinja n'chosavuta kuona: mulu umatsala waukulu kuposa mmene munawerengera, ndipo mukaponda ndi chidendene m'mbali mwa khoma phazi limalowa. Pakapita miyezi pamabadwa kangalande kotsata khoma, madzi a padenga n'kumaima pa maziko. Mukaona mulu watsala wochuluka modabwitsa, musathamangire kuitana tipa ina, yambani mwaponda m'mbali mwa khoma.

Chachisanu ndi chiwiri: tipa kapena pansi pa nyumba?

Bambo a ku Dedza aja anafunsa funso lanzeru: bwanji osathira lotsalalo m'kati mwa nyumba, pansi pa silabu? Nthawi zina zimatheka. M'kati mwa makoma munali malo pafupifupi masikweya mita 46, ndipo kukweza pansi ndi masentimita 15 kumafuna makiyubu 7 otsendereka, amene pamulu ndi 9. Koma zimatengera dothi. Lamchenga kapena losakanikira ndi timiyala ndi labwino. Dothi lapamwamba lamizu ayi, chifukwa mizu ikawola pansi pamatitimira. Makande akuda a kudambo ayi ndithu, amatupa akanyowa n'kufota akauma, ndipo silabu imang'ambika. Katondo wathu anali wonyata kwambiri moti sindinafune kumuika pansi pa silabu, ndiye tinagula dothi lamiyala lodzazira, katondoyo n'kuchoka.

Polankhula ndi mwini tipa, mupatseni kiyubu ya pamulu. Makiyubu 13.4 pa tipa ya makiyubu 10 ndi maulendo awiri, wachiwiri wosadzaza. Mwini tipa amalipiritsa ulendo, sasamala kuti mwadzaza kapena ayi, choncho ulendo wachiwiriwo tinauwonjezera zinyenyeswa za njerwa ndi zitsa. Ngati mukukayika kukula kwa tipa, kwerani ndi tepi muyeze m'kati mwa bokosi lake, utali kuchulukitsa mulifupi kuchulukitsa kuya. Ina imatchedwa ya makiyubu 10 pakamwa pokha.

Ganiziraninso kulemera. Kiyubu ya pansi ya dothi ngati limeneli imalemera pafupifupi matani 1.7, ndiye ya pamulu ndi pafupifupi matani 1.3. Makiyubu 10 ndi matani 13, ndipo likanyowa limaposa pamenepo. Kalole ka matani atatu kakhoza kukhala ndi bokosi lalikulu, koma kadzanyamula makiyubu awiri ndi pang'ono basi, kupitirira apo masipuling'i alira. Mufunsenso kumene akukataya. Kuthira dothi m'dambo kapena m'ngalande za madzi a mvula ndi mlandu kwa khonsolo ndi bungwe loona za chilengedwe la EMA, ndipo madzi a Mukuvisi ndi Marimba amakathera ku damu la Chivero kumene tonse timamwa. Kawirikawiri mumsewu momwemo mumapezeka wina amene sitandi yake ndi yotsika ndipo akufuna dothi lodzazira. Ife theka la katondo wathu likanapita nyumba yachitatu pa wilibala tikanafunsa msanga.

Maenje: la sepitiki ndi lozungulira

Dzenje limawerengedwa mofanana, kungoti pali zinthu ziwiri zowonjezera. Choyamba, dzenje limakhala lalikulu kuposa chomangidwamo, chifukwa mmisiri amafuna malo oimapo ndi opakira pulasitala kunja kwa khoma. Yezani dzenje, osati thanki. La sepitiki pa nyumba ija linali mamita 3 ndi 2 pansi pake, kuya mamita 2. Mbali zikanakhala zoimirira, akanakhala makiyubu 12.

Chachiwiri, pa kuya kotere mbali siziyenera kusiyidwa zoimirira popanda chotchinga. Ngalande kapena dzenje likapitirira 1.2 m, munthu amene ali m'katimo akhoza kukwiririka mpaka pachifuwa, ndipo kiyubu imodzi yogumuka ndi yolemera kuposa galimoto yaing'ono. Mumatchinga ndi matabwa ndi mitanda, kapena mumapendeketsa mbali. Ife tinatsegula kukamwa ndi theka la mita mbali iliyonse, chifukwa katondo anali wouma ndi wolimba. Mumchenga kapena m'dothi lonyowa theka la mita silikwana, pamafunika kupendeketsa kwambiri kapena kutchinga ndithu.

Kukamwa kunakhala mamita 4 ndi 3, masikweya mita 12. Pansi ndi masikweya mita 6. Phatikizani, gawani pawiri, chulukitsani ndi kuya:

(12 + 6) ÷ 2 × 2 = 18 m³

Njira imeneyi imapitirira pang'ono. Masamu osamala kwambiri amapereka 17.7, koma kusiyana kumeneku piki imodzi yolakwika imakufafaniza. Chofunika kuona n'chakuti theka la mita lija lakweza dzenje kuchoka pa 12 kufika pa 18, ndipo pamulu ndi makiyubu 23, pafupifupi ofanana ndi a maziko a nyumba yonse. Gwirizanani ndi okumba za kupendeketsaku musanayambe, apo ayi adzakana kapena adzakumba zoimirira n'kulowamo choncho. Ndipo muluwo ukhale kutali ndi mlomo wa dzenje ndi mita imodzi kapena kuposa. Dothi lounjikidwa pamlomo limakanikiza khoma la dzenje ndi matani ake, ndipo mukaona ming'alu ikutsata mlomo kapena timibulu tikuyoyoka tokha, tulutsani munthu nthawi yomweyo.

Dzenje lozungulira, monga la chimbudzi cha Blair chimene chinayambira konkuno ku Harare m'zaka za m'ma 1970, kapena la madzi otayika, limawerengedwa ndi muyeso wodutsa pakati:

kukula = 0.785 × kudutsa pakati × kudutsa pakati × kuya

La 1.5 m kudutsa pakati ndi mamita 3 kuya ndi 0.785 × 1.5 × 1.5 × 3, kutanthauza makiyubu 5.3 a pansi. Pa katondo wathu ndi makiyubu 6.9 pamulu, mawilibala 106, ndipo pafupifupi lonse limatsala panja chifukwa dzenjelo limakhala lopanda kanthu m'kati. Samalani ndi muyeso wodutsa pakati, popeza umachulukitsidwa kawiri. Wokumba akakuza kuchoka pa 1.5 kufika pa 1.7 m, diso silingaone kusiyana, koma dzenje lafika makiyubu 6.8.

Kuyeza pomaliza ndi kulipira

Ngalande yokumba ndi manja siituluka monga pa pepala. Milomo imagumuka, piki imadya mbali, ndipo ya 0.7 m imapezeka 0.75 kapena 0.8 malo ena. Masentimita 5 okha pa ngalande yakunja ija ndi kiyubu imodzi yowonjezera ya dothi, komanso konkire yoposa imene munagulira simenti, chifukwa konkire imadzaza mulifupi wonse umene yapeza. N'chifukwa chake ndimadula kamtengo ka 0.7 m n'kupatsa wokumba aliyense kuti azikayesa akamatsika, ndipo pa masamu a tipa ndimawonjezera 10 peresenti. Pa 13.4 paja ndinakonzekera makiyubu 15, amene anali m'kati mwa maulendo awiri omwewo.

Tsiku lolipira, yezani dzenje muli limodzi ndi okumba, konkire isanathiridwe ndiponso mvula isanagumule milomo, n'kulemba manambala onse akuona. Mulu musauyeze polipira, ngakhale wina atauloza kuti taonani kukula kwake. Mnyamata wina wa ku Mabvuku, mdzukulu wa anthu a ku Mangochi, anandiuza tsiku lomwelo kuti, "Madala, mawilibala tinawerenga ndi 400, inu mukuti makiyubu 20, kodi pa kiyubu si 15?" Anali atawerenga bwino. Ndinamutengera pa kadzenje koyesera kaja, n'kumuuza kuti abwezeremo ndowa 6 ndi theka zija osasinja. Zitalowa zisanu kanadzaza, ndowa imodzi ndi theka n'kutsala m'manja mwake.